Musanakhulupirire mzere wa pa galafu, werengani m'mbali mwake

Wophunzira amene wangoyamba kumene ku yunivesite akapatsidwa galafu, maso ake amathamangira pa mzere umene uli pakati, n'kunena kuti "zikukwera" kapena "zikutsika". Yankho lotere n'loperewera, chifukwa silinena chimene chikukwera, kuchuluka kwake, ndi nthawi imene chatenga. Zonsezo zimalembedwa m'mbali mwa galafu, ndipo kuwerenga kumayambira kumeneko.

Titenge galafu imene ambiri mudzakumana nayo, yoonetsa kuchuluka kwa mpweya wa kaboni dayokisaidi mumlengalenga. Miyezo yake anaiyamba ndi Charles David Keeling mu 1958 pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii. Mzere wopingasa wa m'munsi, umene aphunzitsi amautchula kuti x, uli ndi zaka. Woimirira wa kumanzere, wotchedwa y, uli ndi kuchuluka kwa mpweyawo, ndipo pambali pake palembedwa ppm, kutanthauza tizigawo ta kaboni dayokisaidi pa tizigawo miliyoni imodzi ta mpweya wouma. Mu 1958 tinali pafupifupi 315. Nambala yopanda muyezo wake sinena kanthu, choncho musamasiye ppm polemba yankho.

Tsopano yang'anani nambala imene ili pansi penipeni pa mzere woimirira. Nthawi zambiri pa galafu imeneyi sipakhala 0, pamakhala nambala ya cha m'ma 300. N'chifukwa chake mzere umaoneka kuti wachokera pansi mpaka kukagunda pamwamba, moti munthu angaganize kuti mpweyawo wachuluka kakhumi. Koma tachotserani. Kuchoka pa 315 kufika pa 420, nambala imene yadutsidwa m'zaka zaposachedwapa, pawonjezeka 105, lomwe ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a 315. Kukwera kumeneku n'kwakukulu ndithu, koma si kakhumi. Ojambula galafuyi sananame. Akanayambira pa 0, mbali yaikulu ya pepala ikanakhala yopanda kanthu ndipo tizinthu tating'ono tofunika sitikanaoneka bwino. Ntchito yoona pamene sikelo yayambira ndi yanu. Onaninso ngati manambala akukwera mofanana: 320, 340, 360 ndi sikelo wamba, pamene 1, 10, 100 ndi sikelo imene sitepe iliyonse ikuchulukitsa kakhumi.

Mzere weniweniwo uli ndi nkhani ziwiri. Mukauyang'anitsitsa uli ngati mano a sowo. Chaka chilichonse umafika pamwamba cha mu Meyi, n'kutsika ndi pafupifupi 6 ppm pofika kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. Izi zimachitika chifukwa mtunda waukulu wa dziko lapansi uli kumpoto, ndipo zomera za kumeneko zikaphuka m'nyengo yofunda zimayamwa mpweyawu wambiri, pamene m'nyengo yozizira masamba owola amaubweza. Amene angatenge Meyi ndi Seputembala wa chaka chimodzi anganene kuti mpweyawu ukuchepa. Manambala ake angakhale oona, koma yankho lake lolakwika. Kuti muone kumene zinthu zikulowera, yerekezani Meyi ndi Meyi mnzake, kapena avereji ya chaka ndi ya chaka china. Magalafu ambiri amajambuliratu mzere wachiwiri wosalala wodutsa pakati pa manowo, ndipo umenewo ndiwo wosonyeza kolowera.

Ine ndimaona kuti luso lalikulu lili poyeza liwiro la kukwerako, ndipo zimangofunika rula ndi pensulo. Ikani rula choimirira pa 1960, lembani kadontho pamene yadula mzere wosalala, kenako yendani chopingasa kupita kumanzere. Mupeza pafupifupi 317. Chitani chimodzimodzi pa 1970, mupeza pafupifupi 326. Kusiyana kwake ndi 9, ndipo mukagawa ndi zaka 10 mupeza 0.9 ppm pachaka. Bwerezani pa 2010 ndi 2020: pafupifupi 390 ndi 414, kusiyana 24, ndiye kuti 2.4 ppm pachaka. Apa mwapeza chinthu chimene maso okha akanachiphonya, chakuti liwiro la kukwerako laposa kuwirikiza kawiri. Mzerewu ndi wopindikira m'mwamba, choncho amene akanaika rula pa zaka zoyambazo n'kuutalikitsa mowongoka mpaka lero akanapeza nambala yochepa kwambiri poyerekeza ndi yoyezedwa.

Galafuyi payokha sinena chimene chikuchititsa kukwerako. Zoti gwero lalikulu ndi kuwotcha malasha, mafuta ndi gasi zimachokera ku miyezo ina, ndipo polemba lipoti musasakanize zimene mwawerenga pa galafu ndi zimene mukudziwa kuchokera kwina. Akakupatsani galafu pa mayeso kapena mu labu, lembani kaye chiganizo chimodzi chonena chimene chayezedwa, muyezo wake, nthawi yake ndi nambala imene sikelo yayambira, kenako mufotokoze za mzerewo.