Mwalemba chmod 640, koma ndani angatsegule fayiloyo?

Lamulo la `chmod` likagwira ntchito silinena kanthu. Mumalemba, n'kudina `Enter`, kompyuta n'kungokhala duu kudikira lamulo lina. Ambiri oyang'anira maseva a Linux amati poti palibe dandaulo, ndiye kuti zatheka. Chimene chatheka n'chakuti nambala yasintha. Funso lakuti ndani tsopano angawerenge, kusintha kapena kufufuta fayiloyo likadali losayankhidwa, ndipo nambala payokha singaliyankhe.

Lamuloli ndi lakale, linalimo kale mu Unix yoyamba ya ku Bell Labs, ku America, mu 1971. Masiku ano limagawa anthu patatu: mwini fayilo, gulu la fayiloyo, ndi ena onse. Aliyense amapatsidwa nambala imodzi yochokera pa 0 kulekeza pa 7, ndipo nambalayo imapezeka pophatikiza. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa fayilo ngati pulogalamu ndi 1. Choncho 6 ndi kuwerenga ndi kulemba, 5 ndi kuwerenga ndi kuyendetsa, 7 ndi zonse zitatu, 0 ndi kumanidwa zonse. N'chifukwa chake mukalemba 8 kapena 9 lamuloli limakana.

Tiyerekeze kuti muli ndi seva ya Ubuntu yosunga tsamba la pa intaneti la shopu. M'fayilo ya `config.php` muli pasiwedi ya nkhokwe ya maina a makasitomala. Cholinga chanu n'chomveka: inu, amene mumalowa ndi dzina loti `admin`, muziwerenga ndi kulemba, pulogalamu ya Apache, yomwe pa Ubuntu imayenda m'dzina la `www-data`, izingowerenga, wina aliyense asaione n'komwe. Nambala yoyenera ndi 640. Mukaiika, yang'anani chimene chalembedwadi:

```
chmod 640 config.php
stat -c '%a %U %G' config.php
640 admin admin
```

Nambala yalowa bwino, koma taonani mawu awiri otsatirawo. Loyamba ndi mwini, lachiwiri ndi gulu, ndipo gululo ndi `admin`, osati `www-data`. Ndiye kuti 4 uja mwapatsa gulu limene Apache sali membala wake. Kwa fayiloyi Apache ali m'chigawo cha ena onse, cha 0 chija, ndipo tsamba la shopu lisiya kugwira ntchito. Apa m'pamene ambiri amapsa mtima n'kulemba 777 kuti zinthu ziyende. Zimayendadi, koma pasiwedi ija tsopano aliyense wokhala ndi akaunti pa sevayo angaiwerenge ngakhale kuisintha. Vuto silinali pa nambala. Mankhwala ake ndi `sudo chgrp www-data config.php`, ndipo 640 yemweyo ayamba kutanthauza zomwe munkafuna.

Pali kachinthu kena kodabwitsa pa magawo atatuwa. Linux saphatikiza zilolezo zawo. Amayamba wafunsa ngati ndinu mwini, ndipo ngati ndinu mwini amangoona nambala yoyamba basi. Fayilo ya 040 anthu a m'gulu amaiwerenga koma mwini wake amakanizidwa, ngakhale iyeyo ali m'gulu lomwelo.

Tsopano tifike pomwe pamagwera anthu odziwa ntchito omwe, pa mafoda. Manambala ndi omwewo koma tanthauzo limasintha. Pa foda, 4 ndi kuona maina a zomwe zilimo, 1 ndi kudutsamo kuti ufike pa fayilo, ndipo 2 ndi kuikamo, kusintha dzina kapena kufufuta fayilo. Kufufuta fayilo sikudalira chilolezo cha fayiloyo, kumadalira cha foda yomwe ikukhalamo. Ngati foda ya shopu ili pa 777, munthu amene sangawerenge `config.php` angathe kuichotsa n'kuikapo yake ya dzina lomwelo. Zili ngati kukhoma sutikesi ndi loko wolimba n'kuisiya pakhonde: sangaitsegule, koma angainyamule n'kusiyapo ina. Lamulo loonetsa njira yonse, kuyambira pamwamba mpaka pa fayilo, ndi ili:

```
namei -l /var/www/shopu/config.php
```

Limatulutsa mzere umodzi pa foda iliyonse, wokhala ndi zilolezo, mwini ndi gulu. Muziwerenga mizereyo ndi mafunso awiri. Kodi Apache ali ndi `x` pa foda iliyonse ya m'njira? Ikasowa pa imodzi yokha, safika pa fayilo ngakhale fayiloyo ikhale pa 644. Nanga pali foda imene ili ndi `w` kwa ena onse, yooneka ngati `drwxrwxrwx`? Pa shopu yathu foda iyenera kukhala pa 750, mwini `admin`, gulu `www-data`. Pachifukwa chomwechi, kulemba `sudo chmod -R 640` pa foda yonse n'kudziputira tsoka, chifukwa kumalanda mafoda onse a m'kati 1 wodutsira uja, ndipo ngakhale mwini amalephera kulowamo.

Ngakhale zonsezi zikhale bwino, khomo lina likhoza kukhala lotsegula. Lembani `ls -l config.php` ndipo muyang'anitsitse kumapeto kwa zilembo za zilolezo. Mukaona `-rw-r-----+`, kachizindikiro ka `+` kakutanthauza kuti fayiloyo ili ndi mndandanda wina wa zilolezo zapadera, zomwe wina anapatsa anthu powatchula maina. Zikatero nambala yapakati siimiranso gulu lokha, imakhala malire a zomwe onse a pamndandandawo angachite. Ngati amene anakonza tsambalo chaka chatha anadzilembapo, 640 wanu wamulanda kulemba koma wamusiyira kuwerenga, pomwe `stat` akungoonetsa 640 woyera bwino. Lamulo la `getfacl config.php` limaulula maina onsewo, ndipo `setfacl -b config.php` limawachotsa.

Kuwerenga manambala ndi zilembo kuli ndi polekezera. Umboni weniweni ndi kuyesa kutsegula fayiloyo m'dzina la anthu amene mukuwaganizira, woyenera kuloledwa ndi woyenera kukanizidwa yemwe:

```
cd /var/www/shopu
sudo -u www-data head -n 1 config.php
sudo -u nobody head -n 1 config.php
sudo -u www-data test -w config.php; echo $?
```

Kuyesa koyamba kuyenera kuonetsa mzere woyamba wa fayilo. Kwachiwiri kuyenera kubweza `Permission denied`, popeza `nobody` ndi akaunti yopanda udindo uliwonse, yoimira bwino ena onse aja. Kwachitatu kukufunsa ngati Apache angalembe, ndipo yankho lofunika ndi 1, kutanthauza ayi. Mukaona 0 ndiye kuti angalembe. Anthu ambiri amayesa koyamba kokha, chifukwa tsamba likafa bwana amaimba foni nthawi yomweyo, pomwe fayilo yotseguka kwa aliyense palibe amene amaidandaula. Kwa ine kwachiwiriko ndiye kofunika kwambiri. Ngati munapeza dzina la munthu pa `getfacl`, muyeseninso iyeyo mwa njira yomweyi.

Musayese muli `root`. Akaunti imeneyi imawerenga ndi kulemba mosalabadira manambalawa, imatsegula ngakhale fayilo ya 000, choncho chilichonse chidzaoneka ngati chikutheka. Ndipo ngati mwangomuika kumene munthu m'gulu, mumuuze atuluke n'kulowanso asanayese, apo ayi adzakanizidwabe chifukwa kompyuta ikumuonabe ndi magulu ake akale; akalemba `id` aona magulu amene akuwerengedwa panthawiyo. Pulogalamu ngati Apache nayo imafunika kuiyambitsanso ikaikidwa m'gulu latsopano.