Minibasi ikafera pa Kanengo, abwana auzidwe bwanji?

Nthawi ikuthamangira 7 koloko m'mawa. Minibasi yochokera ku Area 25 yangozima pa Kanengo, dalaivala watsegula mpando wakutsogolo n'kumasuzumira injini, kondakitala akungoti "tinyamuka pompano". Mwa okwerawo muli mayi wogwira ntchito m'tauni amene ayenera kukhala ali pa desiki pofika 7:30. Foni ili m'manja, koma mawu akusowa.

Ambiri amalakwitsa podikira. Amakhulupirira kondakitala, kenaka n'kudzaimba 7:45, abwana atawona kale mpando wopanda munthu. Uthenga wotumizidwa nthawi yoyambira ntchito isanakwane umamveka ngati chidziwitso, pomwe wobwera mochedwa umamveka ngati kudzikanira mlandu, ngakhale mawu ake akhale omwewo. Kuflasha nako n'kupanda ulemu, chifukwa ndiye kuti abwanawo awononge mayunitsi awo kuti amve vuto la wantchito.

Mayiyu angalembe motere: "Mwadzuka bwanji bwana? Pepani, ndimati ndikudziwitseni kuti ndichedwa kufika. Minibasi yomwe ndinakwera yawonongeka pa Kanengo, ndiye ndikudikira ina. Ndikuyembekeza kufika cha m'ma 8:15. Zikasintha ndikuuzaninso. Zikomo."

Moni sadumphidwa, ngakhale munthu ali pa changu. Mawu akuti "ndimati ndikudziwitseni" ndi amene amafewetsa uthengawo: Chichewa chimaika pempho m'nthawi yakale kuti lisamveke ngati lamulo, monga mwana amanenera kwa bambo ake kuti "ndimafuna ndikupempheni". Kungolemba kuti "ndichedwa" kumakhala ngati wantchito wagamula yekha. Kwa abwana aakazi ena amati "madamu", ena "mayi" n'kutchula dzina, malinga ndi chizolowezi cha pa ofesipo. "Pepani" mmodzi akwanira. Kumubwereza katatu kumachititsa nkhani yoona kumveka ngati yopeka.

Chovuta kwambiri ndi nthawi. "Ndili m'njira" ndi "ndikubwera pompano" sauza abwana kanthu, popeza amanenedwanso ndi munthu amene akusamba. Kutchula malo ndi ola kumawapatsa poyambira kukonza ntchito. Olalo liwerengedwe mosadzinyenga: m'mawa minibasi zodutsa pa M1 zimakhala zodzaza kale, kondakitala amachedwa kubweza ndalama, ndipo magalimoto amachulukana polowa m'tauni. Ulendo wa mphindi 30 ndi bwino kuuwonjezera zina 20, kusiyana n'kulonjeza 8 koloko n'kudzapepesanso kachiwiri.

Ngati pali ntchito yodikira iyeyo, ayitchule: "Makiyi a kusitolo ali ndi ine, ndiye ndakwera kabaza kuti ndifulumire," kapena "Ndapempha mnzanga ayambe kulandira makasitomala." Pakakhala msonkhano m'mawa womwewo, kuimba kumaposa uthenga wa pa WhatsApp, umene ungawerengedwe msonkhano utatha.

Akafika, asanakhale pansi, amayamba wadutsa pa khomo la abwana: "Ndafika bwana, zikomo pondimvetsa." Nkhani ya injini ndi kondakitala aisungire anzake pa nthawi ya tiyi.