Nkhani Yofufuza Mlandu Imayambira Kumapeto

Wowerenga nkhani yofufuza mlandu amayamba ndi mtembo n'kumaliza ndi dzina la wakupha. Mlembi wanzeru amayenda mobwerera. Asanalembe tsamba loyamba amakhala atadziwa amene anapalamula, chifukwa chake, njira yake ndi nthawi yake. Kunena zoona, amalemba nkhani ziwiri: ya zimene zinachitikadi, imene amaisunga m'kope lake, ndi ya kafukufuku, imene timawerenga ife.

Chitsanzo chabwino ndi Silver Blaze, nkhani ya Sherlock Holmes imene Arthur Conan Doyle anatulutsa mu 1892. Imachitikira ku Dartmoor, m'dziko la England. Hatchi yotchuka pa mpikisano yasowa m'khola usiku, ndipo woiphunzitsa, John Straker, wapezeka atafa kuthengo, mutu utaphwanyika.

Tiyambe ndi choonadi chobisikacho. Straker ali ndi mkazi wam'seri wokonda zovala zodula, ndipo ngongole zamufika m'khosi. Akuganiza zocheka pang'ono mtsempha wa mwendo wa hatchiyo kuti izitsimphina, iye n'kupeza ndalama pobetcha kuti siipambana. Atapita nayo kuthengo n'kuwerama kumbuyo kwake, hatchi idzidzimuka, imumenya chidendene kumutu, iye n'kufera pomwepo. Palibe munthu amene wapha mnzake.

Mlembi akafika apa adzifunse funso limodzi pa chilichonse chimene wopalamula anachita: kodi chinasiya chiyani m'mbuyo? Straker sakanayamba kucheka hatchi ya ndalama zambiri asanayeserere, choncho anayeserera pa nkhosa, ndipo nkhosa zitatu za pamalopo zikutsimphina. Anafunika chida choyenera, choncho m'manja mwa mtembo muli kampeni kakang'ono kamene madokotala amachitira opaleshoni ya maso. Anali ndi chibwenzi, choncho m'thumba mwake muli bilu ya diresi lodula yolembedwa m'dzina lina. Anayenera kugonetsa mnyamata wolondera khola, choncho anathira ufa wa opiyamu m'nyama ya nkhosa yophikidwa ndi zokometsera zamphamvu za Chimwenye, zobisa kukoma kwa mankhwalawo. Ndipo poti sanali mlendo, galu wa m'khola sanauwe.

Taonani kuti palibe chizindikiro chimene changotoledwa pamsewu. Chilichonse chabadwa kuchokera mu mlandu weniweniwo. Cha galu chija n'chokoma koposa chifukwa ndi chinthu chimene sichinachitike, ndipo maso a wowerenga saima pa chinthu chimene palibe.

Kenaka pamabwera zosocheretsa, zimene zimalozera munthu wosalakwa. Madzulo a tsikulo pakhola panafika mlendo, Fitzroy Simpson, wofuna kugula zinsinsi za mahatchi kuti abetche bwino. Anali ndi ndodo yolemera, ndipo kansalu kake ka m'khosi kanapezeka m'dzanja la malemuyo. Wapolisi Gregory anamumanga, ndipo wowerenga aliyense akanachita chimodzimodzi.

Chosocheretsa chabwino chimakhala ndi zinthu ziwiri. Choyamba, chili ndi tanthauzo lake loona: Simpson anataya kansalu kaja pothawa, Straker n'kukatola, mwina kuti amangire mwendo wa hatchi. Chachiwiri, pali mfundo yochigwetsa imene wowerenga anaiona kale. Mlendo wongofika sakanalamula kuti tsiku limenelo pakhomopo paphikidwe ndiwo zobisa kukoma kwa mankhwala. Amene anathira opiyamu ndi wa m'nyumba momwemo. Mlembi saloledwa kunama. Ntchito yake n'kutisonyeza zoona m'njira yoti tizimasulire molakwa.

Choonadi, zizindikiro ndi zosocheretsa zikakhala m'kope, ndi pomwe mlembi amasankha ndondomeko yoziululira. Doyle anasonyeza kampeni ndi bilu msanga, pakati pa katundu wina wa m'thumba la malemu monga fodya, machesi ndi kandulo, kuti zisaonekere. Za nkhosa ndi galu anazisunga mpaka Holmes akunyamuka pamalopo.

Nkhani yosakonzedwa chonchi imadziulula yokha. Wakupha amatulukira m'mutu womaliza tisanamuonepo, kapena wofufuza amatchula umboni umene ife sitinapatsidwe, kapena mlandu umatha ndi kuvomera kwadzidzidzi chifukwa mlembi wasowa potulukira. Njira yodziyesera ndi iyi: lembani mawu omaliza a wofufuza wanu, ndipo pa mfundo iliyonse muike nambala ya tsamba pamene wowerenga anaionera koyamba. Mfundo yosowa tsamba ndi chizindikiro chimene simunadzale, ndipo mubwerere mukachidzale. Muchite chimodzimodzi ndi woganiziridwa aliyense wosalakwa: ngati simungaloze tsamba lomuyeretsa, ndiye kuti wofufuza wanu wangolota dzina la wopalamula, sanalipeze.