Zimbale Ziwiri Zikagwirana: Liwiro Limakhala Lotani, Kutentha Kumachokera Kuti?

Dalaivala akamasula klatchi pang'onopang'ono pokwera chitunda, nthawi zina m'galimoto mumamveka fungo la chinthu chopserera. Fungolo limachokera pamene zimbale ziwiri zikukhulana: china chikuzungulira ndi injini, china chikuyenera kutengera liwiro lomwelo ku magiya. Chothamanga chimachepetsa liwiro, chochedwa chimawonjezera, mpaka zonse zizungulire limodzi. Liwiro lomalizalo ndiponso kutentha kotulukapo tingaziwerengere zimbalezo zisanakhudzane n'komwe.

Choyamba tidziwe kuti chimbale chili ndi liuma lotani pozungulira. Liumali limalembedwa ndi chilembo I, ndipo limadalira kulemera kwa chimbalecho komanso kukula kwake. Kwa chimbale chafulati chosabowoka, I = ½MR², pomwe M ndi makilogalamu ake ndipo R ndi mtunda wochokera pakati kufika m'mphepete. Tiyerekeze zimbale ziwiri pa shafuti imodzi, chilichonse cha R ya theka la mita. Choyamba n'cha makilogalamu 16, choncho I yake ndi 2. Chachiwiri n'cha makilogalamu 8, ndipo I yake ndi 1. Choyambacho chikuzungulira pa liwiro la maradiyani 30 pa sekondi, komwe ndi kuzungulira pafupifupi kasanu pa sekondi iliyonse. Chachiwiri chaima.

Zikakhudzana, choyamba chimakoka chinzake, chinzakecho n'kumachibweza ndi mphamvu yofanana ndendende. Chimene china chataya, china chalandira. N'chifukwa chake pali nambala imodzi yosasintha, yomwe akatswiri amaitcha momentamu ya kuzungulira: I kuchulukitsa ndi liwiro, lomwe limalembedwa ω. Lamulo lake ndi ili:

I₁ω₁ + I₂ω₂ = (I₁ + I₂)ω

Zisanakhudzane, choyamba chili ndi 2 × 30, yomwe ndi 60, ndipo chachiwiri chilibe kanthu. Zikagwirana zimakhala ngati chimbale chimodzi cha I ya 3. Tikagawa 60 ndi 3 tipeza maradiyani 20 pa sekondi. Ilo ndilo liwiro lomaliza.

Nanga kutentha? Mphamvu ya chinthu chozungulira ndi ½Iω², ndipo imayezedwa m'majulu. Poyamba panali ½ × 2 × 30², omwe ndi majulu 900. Pomaliza pali ½ × 3 × 20², omwe ndi majulu 600. Majulu 300 osowawo sanatayike. Asanduka kutentha pankhope za zimbalezo pa nthawi imene zinkatererana, kutentha kokwanira kufunditsa madzi a sipuni yaing'ono ya tiyi ndi madigiri pafupifupi 14.

Ophunzira ambiri amaphonya pomwepa. Amaganiza kuti majulu 900 onse atsala m'kuzungulira, n'kupeza liwiro la pafupifupi 24.5. Cholakwikacho chimaoneka msanga: 3 × 24.5 ndi 73.5, kuposa 60 amene tinayamba naye, chonsecho palibe chakunja chimene chakankha zimbalezo.

Chodabwitsa n'chakuti kukhakhala kwa nkhope za zimbale sikunalowe m'masamu athu. Zikapanikizidwa pang'ono, n'kumakokana ndi mphamvu yopotola ya manyutoni-mita 10, chachiwiri chimatenga masekondi 2 kuti chifike pa 20. Zikapanikizidwa kwambiri mpaka 40, zimagwirana m'theka la sekondi. Komabe liwiro ndi 20 yemweyo, kutentha ndi majulu 300 omwewo. Kukhulana kumangolamulira nthawi. Chimene chimakulitsa kutentha ndi kusiyana kwa liwiro la zimbalezo poyamba:

Q = ½ × I₁I₂/(I₁ + I₂) × (ω₁ − ω₂)²

Chimbale chachiwiri chikanakhala kuti chikuzungulira chobwerera pa 30, tikanachilemba −30. Momentamu ikanakhala 60 − 30, liwiro lomaliza 10, ndipo pa majulu 1,350 oyambira pakanatsala 150 okha. Kusiyana kwa liwiro kwawirikiza kawiri, koma kutentha kwawirikiza kanayi, kufika pa majulu 1,200.

Masamuwa ali ndi malire. Amafuna kuti zimbale zikhale pa mzere umodzi wozungulira, maberingi akhale omasuka, ndipo pasakhale chokankha kapena chogwira kuchokera kunja. M'galimoto, injini imapitiriza kukankha pomwe kulemera kwa galimoto pachitunda kukubweza. Zikatero zimbale zimatha kutererana osagwirana, ndipo sekondi iliyonse imawonjezera kutentha. Dalaivala woimitsa galimoto pachitunda ndi theka la klatchi m'malo mwa mabuleki amasandutsa mphamvu yonse imene injini ikupereka ku klatchiyo kukhala moto pa mbale yake, mpaka mbaleyo imapserera n'kuyamba kuterera ngakhale phazi litachoka pa pedulo.