Mapampu awiri, funso limodzi: pomwe ophunzira uinjiniya amatayira malikisi

Pa mayeso a masamu a mwayi, omwe ophunzira uinjiniya amawatcha purobabilite, pali funso lina losowa kawirikawiri. Amakupatsani fomula ya zinthu ziwiri, X ndi Y, kenaka n'kukufunsani zitatu: densite ya chilichonse pachokha, avereji ya Y ngati X yadziwika kale, ndi kovariyansi. Ophunzira ambiri amaopa integireshoni, koma mantha awo ali pamalo polakwika. Integireshoni ya mafunso otere imakhala yofewa. Chomwe chimagwetsa anthu ndi malire, ndiye kuti kudziwa poyambira ndi polekezera kuwonkhetsa.

Tiyeni titenge funso lenileni. Pamalo opopera madzi aikapo mapampu awiri ofanana tsiku limodzi. Funso likuti pampu iliyonse ifa chaka chisanathe, pa nthawi ina iliyonse mosakondera mwezi, ndipo kufa kwa ina sikukhudza inzake. X ndi nthawi yomwe pampu yoyamba kufa yaima, Y ndi nthawi yomwe yotsalayo yaima, zonse poyeza m'zaka. Jointi densite yake ndi f(x, y) = 2 pamene 0 < x < y < 1, ndipo kwina konse ndi 0. Mapampu enieni safa mwadongosolo lotere, nchifukwa chake mainjiniya pantchito amagwiritsa ntchito mafomula ena monga ya Weibull, koma njira yosovera ndi yomweyi.

Musanagwire integireshoni, jambulani. Mawu akuti x < y akutanthauza kuti pampu yotsala singafe yoyamba isanafe. Choncho pa girafu malo athu si sikweya yonse, koma theka lake la pamwamba pa mzere wa y = x, la makona atatu: (0, 0), (0, 1) ndi (1, 1). Kukula kwa malowa ndi 1/2, ndipo 2 kuchulukitsa ndi 1/2 ndi 1. Apa ndi pomwe pachokera 2 uja, pakuti mwayi wonse ukaphatikizidwa uyenera kukwana 1.

Kuti mumvetse densite ya X payokha, yomwe m'kalasi amaitcha majinalo, ganizirani ufa woyanikidwa mofanana pa mphasa ya makona atatu. Mukaukokera wonse kumphepete imodzi, mulu umatalika pomwe mphasa inali yotambalala, n'kufupika cha kunsonga. Kutalika kwa muluwo ndiye majinalo. Pa x aliyense, y amayambira pa x kukafika pa 1, ndiye tikaintegireta 2 pa mtunda umenewo timapeza f(x) = 2(1 − x). Pa y aliyense, x amayambira pa 0 kukalekeza pa y, ndipo timapeza f(y) = 2y. Mayankhowa akugwirizana ndi nzeru wamba: pampu yoyamba kufa imakonda kufa kumayambiriro a chaka, yotsalayo kumapeto.

Wophunzira wothamanga amaika malire a 0 ndi 1 paliponse, n'kupeza f(x) = 2. Cholakwachi chimadziulula chokha ngati munthu ali ndi chizolowezi choyesa yankho lake. Mukaintegireta 2 kuchokera pa 0 mpaka 1 mupeza 2, pamene densite yoona iyenera kupereka 1. Yesani 2(1 − x), muona kuti ikupereka 1. Onaninso kuti majinalo ya X siyenera kutsalira ndi y m'kati mwake. Ikatsalira naye, malire asokonekera penapake.

Maavereji savuta. E[X] ndi 1/3 ya chaka, miyezi 4, ndipo E[Y] ndi 2/3, miyezi 8.

Gawo lachiwiri ndi lomwe injiniya amalifuna kwenikweni. Pampu imodzi yafa lero, nanga inzakeyi tiyembekeze kuti ifa liti? Timagawa jointi densite ndi majinalo ya chinthu chomwe tachidziwa kale. Tadziwa X, ndiye pansi pakhale 2(1 − x), osati 2y. Zotsatira zake ndi f(y | x) = 1/(1 − x), pamene y ali pakati pa x ndi 1. Mu fomulayi mulibe y, kutanthauza kuti nthawi zonse zotsala m'chakacho zili ndi mwayi wofanana, ndipo avereji ili pakatikati penipeni: E[Y | X = x] = (1 + x)/2. Yoyamba ikafa pa mwezi wa 6, x ndi 0.5, yankho ndi 0.75, miyezi 9. Ikafa pa mwezi wa 10, inzakeyo tiyiyembekezera pa mwezi wa 11.

Taonani kuti yankho limeneli si nambala imodzi, ndi fomula yodalira x. Wolemba nambala yokha apa ndiye kuti waintegireta x yemwe anayenera kumusiya. Pali njira yokoma yotsimikizira: avereji ya (1 + X)/2 iyenera kubweza E[Y]. Tikaika 1/3 m'malo mwa X timapeza (1 + 1/3)/2, yomwe ndi 2/3. Zagwirizana, ndipo umboni umenewu sutenga ngakhale mphindi imodzi.

Kovariyansi imatiuza ngati X ndi Y amakwera limodzi. Fomula yake ndi Cov(X, Y) = E[XY] − E[X]E[Y]. Kuti tipeze E[XY] timaintegireta 2xy pa malo a makona atatu aja. Tikayamba ndi x, kuchokera pa 0 mpaka y, timatsala ndi y³, ndipo y³ kuchokera pa 0 mpaka 1 ndi 1/4. Mungathe kuyamba ndi y, yankho silisintha, monga anatsimikizira katswiri wa ku Italy Guido Fubini mu 1907, koma malire ayenera kusintha, ndipo sankhani njira yokhala ndi 0 poyambira chifukwa imachepetsa ntchito. Tsono 1/4 kuchotsa 2/9 ndi 1/36.

Nambala ya 1/36 ikuoneka yaing'ono, ndipo ena amafulumira kunena kuti ubale wa X ndi Y ndi wofooka. Ayi ndithu. Kukula kwa kovariyansi kumatsata muyeso womwe mwasankha: tikanayeza m'miyezi ikanakhala 144/36, yomwe ndi 4. Choyezera mphamvu ya ubale ndi korileshoni. Variyansi ya X ndi 1/18, ya Y ndi 1/18, choncho korileshoni ndi 1/36 kugawa ndi 1/18, yomwe ndi 0.5, kaya muyeze m'zaka kapena m'miyezi.

Msampha waukulu wa funsoli ndi uwu. Wophunzira amaona kuti 2 alibe x kapena y, n'kuganiza kuti X ndi Y n'zosadalirana, ndipo amalemba kuti kovariyansi ndi 0 osawerengera n'komwe. Koma kudalirana kwabisala m'malire. Mukandiuza kuti X ndi 0.9, ndadziwiratu kuti Y sangakhale 0.3. Chulukitsani mamajinalo awiri aja mupeza 4y(1 − x), osati 2. Zinthu zosadalirana zimafuna malo a makona anayi olunjika, pomwe malire a china sadalira chinzake.

Samalaninso ndi mbali inayo. Kovariyansi ikatuluka 0, sizitanthauza kuti zinthuzo n'zosadalirana. Densite ya 1/π pa malo ozungulira a x² + y² ≤ 1 imapereka kovariyansi ya 0, komabe x akayandikira 1, y amapanikizika pafupi ndi 0. Kovariyansi imangoona ubale wotsata mzere wowongoka.

Inu amene mukukonzekera mayeso, sovani funso lomweli ndi f(x, y) = 8xy pa malo omwewa, ndipo yambani ndi kujambula. Muyenera kupeza f(y) = 4y³, E[X] = 8/15, E[Y] = 4/5 ndi kovariyansi ya 4/225.