Mvula Ikagwa, Mota Imaulula Matenda Ake

Mota ya chigayo kapena ya pampu imakhala ndi makoyilo, mawaya a kopa okulungidwa mkati mwa chitsulo. Waya aliyense ndi wokutidwa ndi vanishi, ndipo pakati pa mawayawo ndi chitsulo pamakhala timapepala tolimba. Zotchingira zimenezi ndi zomwe zimaletsa magetsi kudumphira ku thupi la mota. Amisiri amaziyeza ndi kachipangizo kotchedwa mega. Pa mota ya mavoti 400, mega imaponya mavoti 500 pakati pa koyilo ndi chitsulo kwa mphindi imodzi, kenako imaonetsa nambala ya mamegaomu, olembedwa MΩ. Nambala ikakhala yaikulu, ndiye kuti magetsi akusowa podutsa.

Tinene kuti mmisiri wayeza mota ya chigayo mu Okutobala n'kupeza 300 MΩ. Mu Januwale, patagwa mvula ya masiku angapo chigayo chili chiimire, akupeza 4 MΩ. Malangizo a IEEE 43 amati mota zazing'ono zotere zisatsike pansi pa 5 MΩ, choncho imeneyi siyoyenera kuilizitsa. Koma kodi yatha ntchito? Nambala imodzi siyankha funso limenelo.

Choyamba n'kudziwa pamene magetsi akudontha. Ambiri amayezera pa sitata, osamasula kebulo, motero nambalayo imakhala ya mota ndi kebulo pamodzi. Mmisiri wosamala amazimitsa magetsi, n'kumasula kebuloyo pa bokosi la mawaya, n'kuyeza chilichonse pachokha. Kawirikawiri vuto limapezeka m'bokosi momwemo: labala ya chivundikiro inang'ambika, kapena madzi anatsata kebulo n'kulowa. Akapukuta ndi kuumitsa pamenepo, nambala n'kubwerera ku mazana, ndiye kuti makoyilo alibe mlandu.

Koma bokosi likakhala louma, 4 MΩ ili pomwepo, ndiye kuti chinyontho chafika mkati. Sikuti mvula iyenera kudonthera motayo. Mota yotentha ikazimitsidwa, mpweya wa mkati umazizira n'kukoka wina wonyowa kuchokera kunja, ndipo usiku mame amakhala pa makoyilo. Vanishi wathanzi komanso woyera samwa madzi kwenikweni, choncho nambala imatsika koma osati kugweratu. Imagweratu ngati pa makoyilo pamatirira ufa, gaga ndi girizi, zomwe zikanyowa zimasanduka njira ya magetsi, kapena ngati vanishi anapsa n'kuchita ming'alu. Mvula siinayambitse matendawo, yangowaonetsera poyera.

Kutentha nakonso kumanyenga. Mota ikatentha ndi madigiri 10 ena, nambala imatsika pafupifupi ndi theka, n'chifukwa chake amisiri amalemba kutentha kwa makoyilo pambali pa nambala iliyonse, n'kuiwerengetsera ngati kuti anayeza pa madigiri 40. Ngati 300 MΩ ija inapezeka mota ili pa madigiri 40, pa madigiri 20 ikanayenera kuonetsa pafupifupi 1,200 MΩ. Mota yozizira ya mu Januwale ikamaonetsa 4 MΩ, ndiye kuti yagwa kwambiri kuposa momwe manambala awiriwo akuonekera.

Mayeso ena amafuna kudekha. Mega imasiyidwa kwa mphindi 10, kenako nambala ya pa mphindi 10 imagawidwa ndi ya pa mphindi imodzi. Makoyilo ouma ndi oyera nambala yawo imakwera pang'onopang'ono, ndipo yankho limafika pa 2 kapena kupitirira. Onyowa kapena akuda, imangoima pamodzimodzi, yankho n'kukhala pafupi ndi 1. Pa timota tating'ono mayesowa sakhala omveka bwino nthawi zonse, choncho osawadalira okha.

Chigamulo chenicheni chimabwera poumitsa. Mota imatsegulidwa, imayeretsedwa, n'kuikidwa mu uvuni wa amisiri kapena kuuziridwa mpweya wotentha, osapitirira madigiri 90, kwa maola ambiri. Poyamba nambala imatsikanso chifukwa cha kutenthako. Wosadziwa amataya mtima apa. Kenako imayamba kukwera, ndipo amasiya ikaima pamodzi kwa maola angapo. Ikazizira n'kubwerera pafupi ndi 300 MΩ, makoyilo ndi abwino, chofunika n'kutseka polowera chinyontho. Ikakwera koma n'kudzagwanso mvula yotsatira, vanishi watopa ndipo ayenera kuthiridwa wina. Ikakanirira pansi ngakhale yauma, makamaka feizi imodzi ikamasiyana kwambiri ndi zinzake poziyeza payokhapayokha, penapake pabooka, ndipo chatsala n'kukulunga mawaya atsopano.

Pali chizolowezi chongoiliza mota yonyowa kuti iziumitsa yokha. Nthawi zina zimatheka, komabe ndi juga, chifukwa magetsi akadumpha pa malo onyowa amasiya kanjira ka makala komwe kuumitsa sikungachotse. Dziwaninso kuti mega siona zonse. Mawaya awiri oyandikana mu koyilo imodzi akagundana, iyo ikhoza kuonetsabe 300 MΩ, chifukwa imangoyeza pakati pa koyilo ndi chitsulo. Ndipo mukamaliza kuyeza, lumikizani makoyilo ku chitsulo kwa kanthawi musanawagwire, chifukwa amasunga magetsi a mega aja.