Juga ya Pafoni: Lamulo Limatsata Pomwe Munthu Wakhala

Dziko lililonse lili ndi maganizo akeake pa juga. Saudi Arabia imaletseratu chifukwa cha chipembedzo, pomwe Britain imalola koma imafuna msonkho ndi chitetezo cha osewera: kuyambira 2014, kampani iliyonse yofuna makasitomala kumeneko iyenera kutenga chiphaso cha Gambling Commission, ngakhale itakhala kutsidya kwa nyanja.

South Africa, komwe kuli Amalawi ambiri ogwira ntchito, ili pakatikati. Kubetcha pa mpira kudzera pa foni n'kololedwa ngati kampaniyo ili ndi chiphaso cha chigawo china cha dzikolo, koma lamulo la 2004 limaletsa kasino wa pa intaneti.

Kampani ya Piggs Peak, yomwe inali ku Swaziland, idakana zimenezi ponena kuti makina ake ali kunja, choncho jugayo imachitikira kunjako. Mu 2011 khoti la apilo lidagamula kuti juga imachitikira pomwe wosewera wakhala.

Apa mpomwe mlendo amapsa nazo. Tiyerekeze mnyamata wogwira ntchito ya m'dimba ku Joni wapambana R20,000 pa kasino wolembetsedwa ku Curaçao. Banki ikazindikira gwero la ndalamazo, iyenera kuzipereka ku National Gambling Board, ndipo khoti lingalamule kuti boma lizilande. Kampaniyo ikakana kulipira, alibenso pokadandaula, poti ngongole ya juga yoletsedwa khoti siliyimva. Pasipoti ya Malawi siimuteteza.

Asanaike ndalama, ayang'ane pansi pa tsambalo: kampani yovomerezeka imatchula bungwe la chigawo, monga la Western Cape kapena Mpumalanga, ndi nambala ya chiphaso.